Mphete ya saizi O yabwera ili L: ndalakwitsa pati mu Rhino?

Madalitso: Muli bwanji nonse pagulu. Ndabwera ndi vuto, chonde amene mumadziwa za kuthira siliva mundithandize. Mu Rhino, pulogalamu yojambulira zinthu pa kompyuta, ndinajambula mphete ya mlamu wanga, yoti pakhale mwala wa akwamarini wa ku Mzimba, wozungulira, wa mamilimita 6. Chala chawo ndinachiyeza bwinobwino ndi timphete toyezera tija, inakwana ndi O. Fayilo ndinatumiza ku Joni kwa munthu wina amene amapulinta ndi rezini n'kuthira siliva. Mphete yabwera sabata yatha, koma nditaiika pa ndodo ya masaizi yaima pa L. Ndinaipala mkati mpaka yafika pa N, koma pano yapyapyala moti ndikangoifinya ndi zala ikuphwatalala. Komanso m'mapewa, pamene mkombero ukukumana ndi mutu wokhalapo mwala, muli timabowo ngati chimanga choti chalowa anankafumbwe. Kodi walakwitsa ndi wothirayo kapena ndine?

Yamikani: Pepani achimwene. Imeneyo ndi nkhani ya kubwerera kwa siliva. Chitsulo chikamazizira chimachepa. Ine ndinaphunzitsidwa kuti usanatumize fayilo uzikulitsa chinthu chonse ndi 5 peresenti ndi `Scale`. Mukanatero bwenzi itakwana.

A Phiri a ku Joni: Takulandirani a Madalitso. Musanakulitse chilichonse, tiyeni tiwerengere kaye. O mkati mwake ndi mamilimita 17.5, L ndi 16.3. Kusiyana kwake ndi 1.2, kutanthauza pafupifupi 7 peresenti. Pa zaka zonse zimene ndakhala pa benchi sindinaonepo siliva wochokera pa rezini mwachindunji atabwerera chonchi. Pali china chachitika mu fayilo. Tandiuzeni mmene munajambulira mkombero, kuyambira pa mzere woyamba.

Madalitso: Ndinayamba ndi `Circle`, ndinasankha Diameter n'kulemba 17.5. Kenako ndinajambula kachidutswa kosonyeza maonekedwe a mkombero ukaudula, ka mamilimita 4 m'lifupi ndi 1 kuchindikala. Ndinakaika pa mzere wozungulirawo n'kupanga `Sweep1`.

A Phiri a ku Joni: Kachidutswako munakaika bwanji pa mzerewo? Mzere unadutsa pakati pake, kapena unakhudza m'munsi mwake?

Madalitso: Pakati. Ndinagwira ndi Cen kapena Mid, sindikukumbukira, koma ndinkafuna kakhale pakatikati kuti zioneke zolongosoka.

A Phiri a ku Joni: Ndi pomwepo. Tsegulani fayilo, dulani mpheteyo ndi `Section`, muyeze mkati ndi `Distance`. Mupeza 16.5. Mzere wa 17.5 uja ndi khungu la chala, chitsulo chonse chimayenera kukhala kunja kwake. Inu munaika theka la chitsulo mkati mwa chala: 0.5 mbali ino, 0.5 mbali inayo, zonse pamodzi milimita imodzi yathunthu. Ndiye siliva anabwererako pang'ono, 16.5 n'kukhala 16.3, ndodo n'kuwerenga L. Wothira uja anathira chimene munamupatsa.

Madalitso: Ndayeza. Ndi 16.5 ndendende. Zikomo bambo, ndinali nditayamba kale kulemba uthenga wodandaula kwa munthu wosalakwa.

Yamikani: Chabwino, pamenepo ndavomera. Koma 5 peresenti ija sindinailote ayi. Kumene ndinkagwira ntchito tinkaiika nthawi zonse ndipo mphete zinkakwana.

Mayi Nabanda: A Yamikani, kumeneko munkapanga mphete imodziimodzi kapena zambiri za mtundu umodzi?

Yamikani: Zambiri mayi. Timathira imodzi yoyamba, n'kuiphikira mu chikombole cha labala, kenako n'kumapopera phula m'menemo.

Mayi Nabanda: Ndiye nonse mukunena zoona, koma njira zake ndi ziwiri. Kwanuko chinthu chimachepa kangapo: pothira yoyamba, mu labala wophika uja, phula likamazizira, ndiponso pothira komaliza. Zikaphatikizana zimatha kufika pamene mukunenapo. A Madalitso alibe labala pakati. Rezini ikulowa mu pulasitala, ikupsa mu ng'anjo, siliva akulowa m'malo mwake, basi. Kuchepa kwake ndi kamodzi, ndipo kwa wothira wanga kumakhala pakati pa 1 ndi 2 peresenti. Akanakulitsa ndi 5 fayilo yolondola, mphete ikanabwera yokula ndi saizi yoposa imodzi, ndipo mpando wa mwala nawonso ukanakula, mwala n'kumagwedera.

A Phiri a ku Joni: Mayi anena zomwe ndimafuna kunena. Ndiwonjezere za masaizi, chifukwa ambiri amakopera matebulo a pa intaneti osadziwa kuti ndi a dziko liti. Kuno ku South Africa timagwiritsa malembo ngati ku Britain. Lembo lililonse limawonjezera mamilimita 1.25 pa kuzungulira kwa mkati, ndiye O ndi 55, N ndi 53.75, P ndi 56.25. Mukagawa ndi 3.1416 mupeza dayamita yolemba mu Rhino. Pa dayamita, lembo limodzi ndi 0.4 yokha. Muone kuchepa kwake: kupala 0.2 kuzungulira mkati monse, mwasuntha kale saizi yathunthu. Aku America amagwiritsa manambala, ndipo 7 wawo ndi 17.3, amagwera pakati pa N ndi O. Kasitomala akakuuzani kuti “ndimavala 7” musalembe 17.5.

Madalitso: Ndiye fayilo yatsopano ndilembe 17.5 yomweyo, kapena ndiwonjezereko ya kubwerera kuja?

A Phiri a ku Joni: Pali zinthu ziwiri zikukokana. Siliva akamazizira bowo limachepa: titenge 1.5 peresenti ya 17.5, ndi 0.26. Koma mphete ikabwera imakhala ndi khungu lokhakhala, mizere ya pulinta ikuoneka, ndiye mumaipala ndi tupa ndi sandipepala n'kuipolisha. Pamenepo mumachotsa pafupifupi 0.1 pakhoma, mbali ziwiri ndi 0.2, bowo n'kukula. Ziwirizi zimatsala pang'ono kufafanizana. Ine ndimalemba saizi yeniyeni, 17.5, ikabwera yothina pang'ono ndimaimenya mopepuka pa ndodo yachitsulo ndi nyundo yachikopa mwala ndisanaike.

Mayi Nabanda: Ine pamenepo ndimasiyana nanu pang'ono bambo. Ndimalemba 17.4. Dzanja langa limadya chitsulo ndikamapala, ndikudzidziwa, ndipo mphete yothina imakonzeka msanga kusiyana ndi yokhwepa. Yokhwepa mpaka uidule, uchotse kachidutswa, uwotcherere.

A Phiri a ku Joni: Sindikutsutsani. Zimadalira wothira wanu ndi dzanja lanu. Chimene ndingawauze a Madalitso ndi chakuti ali kale ndi muyezo m'manja: anatumiza 16.5, inabwera 16.3. Nambala imeneyo ndi ya wothira wawoyo, ndi rezini yake, ndi ng'anjo yake. Iposa chilichonse chimene ife tinganene kuno. Koma amufunse ngati iye amakulitsa yekha fayilo asanapulinte, chifukwa ena amatero osakuuza, ndiye nanunso mukakulitsa zimakhala kawiri.

Gift wa ku Ndirande: Moni akuluakulu. Ine ndimathira mapoto ndi ziwaya za aluminiyamu mu mchenga. Ndikuona ngati nkhani yake ndi imodzi. Bwanji osangotenga mphete yomwe imawakwana mlamuwo, n'kuidinda mu mchenga wosefa bwino, n'kuthira siliva konkuno? Za ku Joni zikudya ndalama ndi nthawi.

Mayi Nabanda: Achimwene Gift, njira imeneyo ilipo ndithu, alipo amisiri amene amathira mphete mu dothi losalala losakaniza ndi mafuta. Imagwira pa mphete yopanda zokongoletsa, yochindikala. Koma ya a Madalitso ili ndi mutu wa mphako ndi kachipupa kopyapyala kozinga mwala, mukamazula chitsanzocho mu mchenga zimagumuka. Komanso mphete yodindidwa kuchokera pa inzake imatuluka yocheperako kuposa mayi wake. Koma pa nkhani ya timabowo tija ndikukhulupirira inu mukudziwa kuposa ambiri pano. Poto amachita zibowo pati?

Gift wa ku Ndirande: Pamene pali ponenepa mayi. Pa khutu, pomwe chogwirira chikukumana ndi thupi la poto. Popyapyala pamauma msanga, ponenepa pamatsala pamadzi, ndiye pakamauma palibenso kokoka chitsulo china. Pamafwamphuka kapena kuchita ngati chisa cha chiswe mkati.

A Phiri a ku Joni: Mwayankha funso lachiwiri la a Madalitso inu. A Madalitso, mutu wa mphete yanu pansi pa mwala ndi wa mphako kapena ndi chibuluma?

Madalitso: Ndi chibuluma. Ndinangoboola pamwamba malo olowa mwala ndi `BooleanDifference`, kwinako ndi siliva yekhayekha mpaka pa chala. Ndinkaganiza kuti ikhala yolimba.

A Phiri a ku Joni: Ndipo chipsera cha sipulu, kanjira kamene siliva analowera, chili pati?

Madalitso: Pansi penipeni pa mkombero, moyang'anizana ndi mutu.

A Phiri a ku Joni: Ndiye onani ulendo wa silivayo. Walowa pansi, wadutsa mu mkombero wa milimita imodzi mbali zonse ziwiri, wakadzaza mutu wonenepa. Siliva wa 925 amakhala wamadzi pamwamba pa madigiri pafupifupi 890, pomwe chikombole chimakhala chozizira kwambiri kuposa pamenepo, ndiye popyapyala pamauma m'kanthawi kochepa. Mkombero wauma, njira yatsekeka. Mutu ukadali wamadzi, ukuchepa, ukufuna siliva wina woti adzaze, koma kulibe kochokera. Umadzikoka wokha, ndipo timabowo timatulukira m'mapewa momwe mwationamo. Kupolisha sikungatichotse, mukamapala m'pamene timatseguka tambiri.

Mankhwala ake ali mu fayilo. Choyamba, mutu ukhale wa mphako: boolani pansi pa mwala bowo lotulukira ku chala, la mamilimita atatu kapena kuposerapo, kuti makoma a mutu atsale pafupifupi milimita imodzi kapena 1.2. Bowo limenelo lithandizanso potsuka mwala, akwamarini akadetsedwa kunsi amazima. Chachiwiri, mkombero usalumphe kuchoka popyapyala kufika ponenepa. Uzinenepa pang'onopang'ono pokwera kumapewa. Pa `Sweep1` mutha kuika tizidutswa titatu: kapansi, ndi tiwiri ta m'mapewa tochindikalako, Rhino adzalumikiza yekha mosalala. Makona akuthwa a mkati muwazungulitse ndi `FilletEdge`, ngakhale 0.3 yokha, chifukwa pulasitala wa pa kona yakuthwa amabenthuka siliva akamalowa, n'kukakhala mkati mwa chitsulo.

Madalitso: Nanga kuchindikala kwa mkombero ndiike zingati? Pa tsamba la kampani ina yopulinta ndinawerenga kuti milimita imodzi ndi yokwanira, n'chifukwa chake ndinaika 1.

Mayi Nabanda: Nambala imeneyo imayankha funso lakuti “kodi siliva adzadzaza?” Siyiyankha lakuti “kodi munthu adzaivala zaka khumi?” Siliva wothira ndi wofewa, sanamenyedwe kapena kukokedwa ngati waya. Mlamu wanuyo azichapa, azinyamula ndowa, azikanda ufa wa mandasi. Ine mphete ya siliva ya tsiku ndi tsiku sindiitulutsa ili pansi pa 1.5 itatha kupolishidwa. Ndiye mu fayilo ndimalemba 1.7, chifukwa 0.1 ipita mkati, 0.1 ipita kunja. M'mapewa ndimafika 2.2. Yanu ija munayamba ndi 1, mwapala 0.4 mkati kuti ifike N, kunja mwachotsanso pang'ono. Yatsala theka la milimita. Ndi chifukwa chake ikuphwatalala m'zala.

Yamikani: Koma 1.7 siliva wake achuluka, mtengo ukwera. Makasitomala athu mukuwadziwa.

Mayi Nabanda: Tiwerengere a Yamikani, tisamangoopa. Mu Rhino lembani `Volume`, akupatsani nambala ya mamilimita a kyubu. Kenako:

```
magalamu = Volume / 1000 * 10.36
```

Mkombero wosalala wa 17.5 mkati, 4 m'lifupi, 1.7 kuchindikala umapereka pafupifupi 410, ndiye magalamu 4.2. Woyamba uja unali 220, magalamu 2.3. Kusiyana kwake sikukwana magalamu awiri a siliva, ndipo ena abwerera pobowola mutu uja. Yerekezani ndi ndalama yopulintanso, kuthiranso, ndi kutumizanso kuchokera ku Joni. Pa golide m'pamene ndimakhala pansi ndi kasitomala, chifukwa wa makarati 18 amalemera pafupifupi 15.5 m'malo mwa 10.36, ndipo galamu iliyonse imapweteka. Pamenepo ndimachepetsa m'lifupi pansi pa chala, mwina kufika 2.5, koma kuchindikala sindikukhudza kwambiri.

Tiyamike: Pepani ndilowerere ndi yanga, ikufanana. Ndinajambula kapendanti ka mapu a Malawi mu pulogalamu ya Blender, kotalika mamilimita 35, kochindikala 0.6 kuti kapepuke pakhosi. Kanabwera chigawo cha kumwera chosadzaza, cha ku Nsanje kulibiretu, ndipo mawu amene ndinalemba kumbuyo sakuwerengeka. Ndi vuto lomweli?

A Phiri a ku Joni: Ndi m'bale wake, achemwali. Kwa a Madalitso siliva anafika koma anasowa womudyetsa. Kwa inu sanafike n'komwe, anaumira panjira. Dziko lathu ndi lalitali ndi lowonda, ndiye 0.6 pa ulendo wa 35 ndi kanjira kakang'ono kwambiri. Ngati sipulu anaiika kumpoto pa kolowera tcheni, Nsanje ndiye mathero a ulendo. Ikani milimita imodzi kapena 1.2. Mukafuna kupepuka, kumbani kumbuyo pakatikati mpaka 0.8 koma musiye mkombero wochindikala m'mphepete monse, umakhala ngati msewu wa siliva komanso umaletsa kupindika. Malembo akhale akuya 0.4 ndipo mzere wake usachepere 0.4 m'lifupi. Osaya kwambiri amafufutika popolisha, owonda ndi akuya amasiya timakoma ta pulasitala timene timathyoka.

Tiyamike: Zikomo bambo. Ndiye kolowera tcheni?

A Phiri a ku Joni: Pamenepo m'pamene pamadyeka tsiku lililonse. Waya wake usachepere milimita imodzi, ine ndimakonda 1.2. Bowo muyeze ndi kamutu ka kumapeto kwa tcheni, osati tcheni chenichenicho, chifukwa kamutuko ndi kamene kayenera kudutsa.

Yamikani: A Tiyamike, popeza muli pa Blender, chenjerani ndi STL. Fayilo imeneyi simasunga kuti manambala ake ndi mamilimita kapena mamita. Nthawi zonse polemba uthenga kwa wopulinta muzinena kuti “kutalika ndi 35 mm”, kuti akatsegula aone ngati zikugwirizana. Ndipo 3D Print Toolbox ili ndi poyezera Thickness, imakuonetsani malo opyapyala musanatumize.

Madalitso: Ndabwereranso ku mutu wa mphete. Mwala ndauyeza ndi veniya, chida choyezera tinthu ting'onoting'ono. Si 6 ndendende. Mbali ina 5.9, ina 6.1, kuya kwake 4.2.

Mayi Nabanda: Mwachita bwino. Miyala yodulidwa ndi manja kwathu kuno imakhala choncho, ndipo kawirikawiri amaisiyira mimba yaitali kuti isataye kulemera. Musatenge mwala wa mu laibulale ya pulogalamu, jambulani wanuwo ndi manambala amenewa. Nsonga ya pansi isafike pa mzere wa 17.5 uja, isiyane nawo ndi theka la milimita kapena kuposa, apo ayi izikanda chala ndipo ikhoza kubenthuka pa ndodo yoyezera. Kutanthauza kuti pamwamba pa mwala padzakhala pafupifupi 4.7 kuchokera pa chala. Kachipupa kozinga mwala ndimakaika 0.8 mu fayilo kuti katsale cha m'ma 0.6 kapena 0.7, kokwanira kukapinda pa mwala popanda kung'ambika. Malo a mwala ndimawasiya othina pang'ono, 5.9, n'kudzawakulitsa pa benchi ndi kabala, kachitsulo kozungulira kopalira, mpaka mwala utakhala. Chitsulo chochotsa chimapezeka nthawi zonse, chobwezera ndiye chimavuta.

A Phiri a ku Joni: Ine pa mwala wosazungulira bwino ngati umenewu ndikanasankha zikhadabo zinayi za milimita imodzi, zimakhululuka kusiyana ndi kachipupa. Pa kachipupa mpata wa mbali ya 5.9 umaoneka.

Mayi Nabanda: Umaoneka ngati woika mwala ali wothamanga. Siliva ndi wofewa, amatsatira mwala ukamamukankha modekha. Ndipo zikhadabo za siliva pa dzanja logwira ntchito zimakola nsalu n'kutseguka. Ndabwezeretsapo miyala yambiri yotayika choncho.

A Phiri a ku Joni: Imeneyo tinakanganapo kale chaka chatha mayi, sitinamalize. Asankhe mwini wake.

Gift wa ku Ndirande: Funso langa ndi la chala. Mwezi uno wa Okutobala zala zimatupa ndi kutentha. Ngati munayeza mu Juni kukuzizira, O ameneyo akadali O?

Madalitso: Ndinayeza mu Ogasiti, m'mawa.

Mayi Nabanda: Kayezeninso madzulo, tsiku lotentha, ndipo kamphete koyezera kadutse pa mfundo ya chala mokakamira pang'ono pochotsa. Timphete toyezera tambiri ndi towonda. Pa mamilimita 4 palibe vuto lalikulu, koma mukadzapanga ya 6 kapena 8 m'lifupi muziwonjezera theka la saizi, chifukwa mphete yotakata imagwira mnofu wambiri. Ngati mkati mukufuna kuzungulitsa kuti izivalika mofewa, nsonga ya kuzungulirako ndi imene ikhudze mzere wa saizi, ndipo 1.7 muyezere pakatipo.

Madalitso: Ndakonza usiku uno. Kachidutswa kakhudza mzere ndi m'munsi mwake, `Section` ikupereka 17.5 mkati ndi 20.9 kunja pansi pa mkombero. Mapewa 2.2, mutu wa mphako, kachipupa 0.8. Ndatsata mayi pa kachipupa, pepani bambo Phiri. Koma `Volume` ikundichenjeza kuti chinthucho si chotsekeka.

Yamikani: Lembani `ShowEdges` musankhe Naked edges. Pamene pawale mtundu wina m'pamene pali mng'alu. Kawirikawiri ndi pamene `FilletEdge` yalephera pa mapewa, kapena `BooleanUnion` inakumana ndi makoma ongokhudzana osalowana. Lowetsani mutu mu mkombero pang'ono musanalumikize. Osatumiza mpaka pa Properties palembedwe closed polysurface.

Madalitso: Inali mbali imodzi ya phewa. Ndachepetsa kuzungulitsa kwa `FilletEdge` kufika 0.3, yatseka. Nanga sipulu ndijambule ndekha pa phewa, kapena ndimusiyire wothira?

A Phiri a ku Joni: Ine ndimamusiyira, amadziwa mtengo wake wa phula mmene aukonzere. Ndimangotumiza chithunzi nditazinga malo amene sindikufuna akhudze, ndi kumuuza pamene pali ponenepa.

Mayi Nabanda: Ine ndimajambula ndekha, ya mamilimita 2.5, chifukwa kawiri konse anandiikira pa malo ovuta kupala. Mufunseni wanuyo ngati amalola. Yakale ija musaitaye, muifunsire ngati angailandire ngati siliva wobwezera.

Madalitso: Ndamulembera mafunso onse atatu: ngati amakulitsa yekha, za sipulu, ndi za yakaleyo. Mawa madzulo ndikupita kwa mlamu ndi timphete toyezera, fayilo ndiitumiza ndikabwerako.